Mavitamini a m'kabotolo kopanda dzina

Chaka chimenecho galu wanga ananenepa kuposa mdzukulu wanga. Ndimayambira pamenepa ndikamakumbukira nkhaniyi, chifukwa ndi pamene pamandiwawa kwambiri. M'mawa uliwonse ndinkakokotera phala lotsala m'mbale ya galu kuseri kwa khitchini, iye n'kumanyambita mpaka mbale kuwala. Galuyo sankadziwa chimene ankadya, ndipo inenso sindinkadziwa chimene ndinkamupatsa.

Ndine mayi wamasiye. Ndinagwira ntchito yotayipa makalata mu unduna wina ku Capital Hill mpaka imvi kumera, ndipo nditapuma ndinatsala ndekha m'nyumba imene malemu amuna anga anandisiyira ku Area 15. Mwana ndinabereka mmodzi yekha, wamwamuna. Ndinamulera ndi manja awiri, ndinamuphunzitsa mpaka anapeza ntchito yoyenda pa galimoto ya kampani, ndipo kutchalitchi ndinkamutchula pafupipafupi mpaka anzanga kutopa nane. Mkazi wake anamwalira mwana wawo ali ndi zaka zitatu. Anatiuza kuti chinali chibayo, ndipo tinalira maliro a chibayo.

Mdzukulu wanga anakhala kaye ndi bambo ake ku Area 4, akuleredwa ndi atsikana antchito amene ankasinthana ngati zovala. Tsiku lina Loweruka mwana wanga anafika naye pakhomo panga, chikwama cha zovala kudzanja limodzi, kabotolo kapulasitiki koyera kudzanja lina. Kabotoloko kanali kopanda pepala, kopanda dzina.

"Amayi, ntchito yandichulukira, ndizikhala ndili mufildi, kunja kwa tauni, nthawi zambiri," anatero. "Mwanayu akhale ndi inu. Awa ndi mavitamini, adokotala anamulembera chifukwa sakonda kudya. Awiri aakuluwa ndi awiri aang'onowa, tsiku lililonse."

Ndinalandira zonse ziwiri, mwana ndi kabotolo, ndili wokondwa ngati wapatsidwa nsalu yatsopano. Sindinafunse chilichonse, chifukwa mayi safunsa mwana wake umboni.

Mapiritsi ndinkawadziwa kuwamwetsa kwake, kapena ndinene kuti ndinkaganiza choncho. Bambo akewo ali wamng'ono ndinkaphwanya piritsi pakati pa masupuni awiri n'kuthira ufawo m'phala, ndipo anakula. Ndiye ndinachitanso zomwezo. Ndinkatakasa phala la soya lothira nsinjiro, mbale yodzadza ndithu poti ndinkafuna kuti mwana anenepe, n'kuwazamo ufa wa mapiritsi anayi aja. Koma mdzukulu wangayo anali mdani wa chakudya. Ankadya masupuni angapo a pamwamba, kenako n'kutseka pakamwa kuti gwa, maso ali pa zidole. Ndikanyengerera, ndikaopseza, ndikaimba, iye phee. Zotsalazo zinali mwayi wa galu.

Masiku ena sindinkamupatsa n'komwe. Atadwala malungo ndinasiya mavitamini aja sabata yathunthu, poopa kusakaniza mankhwala m'mimba mwa mwana. Pa Khirisimasi anadya mpunga ndi nkhuku mpaka kamimba kutuluka, ndiye ndinati thupi lipumeko, munthu wakudya chonchi safuna vitamini. Ndikapita ku maliro ogona konko, kabotolo kankatsala pa shelefu. Bambo ake akabwera ankangofunsa akutsegula chitseko cha galimoto kuti, "Mavitamini aja akumwa?" Ine ndinkayankha kuti akumwa, ndipo sindinkanama. Pakapita miyezi ingapo ankamutenga m'mawa wa pakati pa sabata, akuti akukayenda m'tauni, n'kubwerako ndi aisikirimu pamasaya ndi kabotolo kodzadzanso.

Mwana sanakule. Kabudula amene anabwera naye ankamukwanabe chaka chitatha. Anayamba kutsokomola kosatha, khutu linkatuluka mafinya, kenako m'kamwa munachita zoyera ngati mkaka wogona, moti ngakhale tiyi ankamulirira. Bambo ake anali kumpoto pa ntchito. Ndinawaimbira, iwo akuti, "Mugulireni panado, ndibwera ndidzamuona." Ine sindinadikire. Ndinamubereka kumbuyo ngati khanda, mwana wa zaka zinayi wopepuka ngati mtolo wa masamba, ndinakwera minibasi kupita ku chipatala china cha ku Old Town chimene chili pafupi ndi kwa bambo ake.

Titalowa pageti ndinamutsitsa kuti tikaime pamzere wa odwala wamba. Iye anandikoka chitenje.

"Agogo, si uko. Ife timalowa uku."

Ndinkaganiza kuti ndi zachibwana, koma anandikoka ndithu mpaka kuseri kwa nyumba, pa khonde lina pamene panali mabenchi ndi amayi okhala ndi ana. Mwana amene ankaopa ngakhale mlendo wa pakhomo anavula nsapato yekha, n'kukwera pa sikelo popanda womuuza. Namwino wina wachitsikana anatuluka, namutchula dzina, namugwira tsaya. 

"Ndinu agogo ake? Mwachita bwino kubwera," anatero namwinoyo. "Takhala tikuwaimbira bambo ake, zotsatira za magazi zinafika kale. Kodi amamumwetsa mankhwala ndani kunyumba?"

"Mavitamini aja? Ndine," ndinayankha, ndipo ndinatulutsa kabotolo m'chikwama monyadira, kuti aone kuti ndine gogo wosamala.

Anatsegula, nayang'ana mkati, nandiyang'ana ine.  Anatilowetsa m'kachipinda, anatseka chitseko, anapatsa mwana pepala ndi cholembera kuti akajambule kwa namwino mnzake. Kenako anaimba foni pa maso panga. Ndinamumva akunena mwaulemu koma mosanyengerera kuti, "Bambo, mayi anu ali pano ndi mwana. Ndiwo akumumwetsa mankhwala, ndipo sakudziwa kuti ndi a chiyani. Mwanayu sali bwino. Muwauza nokha kapena mundilola ndiwauze?" Anandipatsa foni.

 Ndinamva mawu a mwana wanga, aang'ono ngati tsiku limene anaswa galasi la aneba: "Amayi, ndi ma ARV. Mwanayu anabadwa ndi kachirombo. Tikambirana ndikabwera." Foni inaduka.

Sindinalire. Chimene chinabwera m'maso mwanga chinali mbale ya galu. Miyezi yonse ija, m'mawa uliwonse, ine ndi manja angawa ndinkatenga mankhwala a mdzukulu wanga n'kukapatsa galu. Mwana wanga yemwe, amene ndinamuyamwitsa, anandisandutsa chitsiru m'nyumba mwanga, ndipo anandiika mpeni m'manja kuti ndizicheka mwana wake pang'onopang'ono ndikumwetulira.

Namwino uja anandisiya ndipume. Kenako anandifunsa m'mene ndinkaperekera, ndipo ndinafotokoza zonse, za phala, za Khirisimasi, za maliro. Sanandikalipire, ngakhale mwina zikanandipepukira akanatero. Anandiuza kuti mankhwalawa sapha kachirombo, amangokagoneka. Mwana akamwa okwanira tsiku lililonse kamagona, chitetezo cha thupi n'kumakula. Akamwa theka lero, mawa osamwa, kamadzuka n'kuswana, ndipo kakhoza kuzolowera mankhwalawo mpaka kusawamvanso. Magazi amene anamutenga ulendo watha anaonetsa kuti tizirombo tachuluka kwambiri. Bambo ake ankawauza kuti amamumwetsa okha, ndipo mabotolo otsala ankati aiwala kunyumba.

"Vuto si phala ayi, agogo," anatero. "Vuto ndi mbale. Mankhwala a mwana mmodzi mwawamwaza m'chakudya cha anthu atatu. Tiyeni tiyambirenso."

Anatenga kakapu kakang'ono ngati ka mgonero, botolo la madzi akumwa ndi supuni ya tiyi. Anathira madzi masupuni atatu okha, naponyamo mapiritsi osawaphwanya, awiri a mtundu wina ndi awiri a mtundu unzake. Anazunguza kakapuko pang'onopang'ono, ndipo ndinaona mapiritsi akusungunuka okha ngati dothi la chulu pamvula. Anati mwana amwe zonse nthawi yomweyo, osaika padera kuti amwa masana. Akamaliza, muthirenso madzi pang'ono, muzunguze, amwenso, chifukwa zoyera zotsalira pansi pa kapu ndi mankhwala omwewo. Kamodzi pa tsiku, nthawi yomweyomweyo, kaya wadya kaya wakana kudya. Akasanza pasanathe theka la ola, mumupatsenso. Mukaiwala, mumupatse pamene mwakumbukira, koma osaphatikiza a masiku awiri. Akadwala matenda ena musasiye, mungowauza achipatala zimene akumwa. Panalinso bakitirimu womuteteza ku chibayo ndi kutsegula m'mimba, amene mwana wanga sanandipatse n'komwe. Ankadziwa kuti ameneyo ndikanamuzindikira.

Ndinagwedeza mutu kuti ndamva, ndikutola chikwama. Iye anakankhira kakapu kwa ine.

"Chitani ndione."

Zinandinyansa. Mtsikana wamng'ono kwa mwana wanga, kundiyesa mayeso a kuthira madzi m'kapu, ine amene ndinatayipa makalata a nduna popanda kulakwitsa chilembo! Koma nditagwira botolo ndinathira madzi mpaka kukamwa kwa kapu.

"Amenewo samaliza, agogo. Akasiya theka, wasiya theka la mankhwala. Tayani madziwo tiyambenso."

Ndinabwereza mpaka anakhutira. Mlingo wa tsiku limenelo ndinamumwetsa pomwepo, namwino akuyang'ana, ndipo mwana anamwa mosavuta chifukwa mankhwalawo si owawa, amanunkhira ngati switi. Anandipatsa mabotolo ake enieni okhala ndi mapepala, nati mapiritsi azikhala momwemo, otsekedwa bwino, ndipo kathumba kali mkatimo ndisakataye chifukwa kamayamwa chinyontho. Anamupatsanso mankhwala a m'kamwa ndi a khutu, ndipo adokotala anamupima pachifuwa. Anati tizibwera mwezi uliwonse ndi mwana yemwe ndi mabotolo omwe, kuti azimukweza sikelo, poti mlingo umatsata kulemera kwake. Pakatha miyezi itatu ya kumwa bwino adzamutenganso magazi. Tizirombo tikatsika, ndiye kuti mankhwala akugwirabe ntchito. Tikapanda kutsika, nkhani idzakhala ina.

Potuluka ndinafunsa chimene chinkandivuta. Nanga mwana akandifunsa kuti ndi a chiyani?

"Musamunamize," anatero. "Dzina la matenda adzalimva akakula pang'ono, tidzathandizana. Panopa muuzeni kuti m'magazi mwake muli kachirombo, ndipo mankhwalawa amakagoneka kuti asilikali a m'thupi akhale amphamvu. Zimenezo ndi zoona zokwana msinkhu wake."

Ndinasankha nthawi ya nkhani za m'mawa pa wailesi, chifukwa imeneyo sindinaiphonyepo chiyambire. Ndinatcheranso belu la pafoni. Masiku oyamba sanali ophweka monga zinaonekera kuchipatala. Mwana anazolowera kuti kwa agogo munthu ukatseka pakamwa umapambana, ndiye anayesanso. Tsiku lina analavula dala pa malaya anga, ine n'kusungunula ena misozi ili m'maso. Tsiku lina ndinatsuka kapu pa mpopi ndisanamumwetse madzi achiwiri, ndipo ndinakhala tsiku lonse ndikudzitukwana. Ndinaphunzira kumukhazika pamwendo, osamugwira mphuno monga tinkachitira kale, n'kumulola kuti azunguze yekha kakapu. Zimenezo zinamusangalatsa. Posakhalitsa ndiye amene ankandikumbutsa kuti, "Agogo, kutsukuluza!" Ku maliro ndinasiya kugona, ndipo amayi a kutchalitchi anayamba kunong'ona kuti ndayamba matama. Ndinawasiya anene.

Bambo ake anabwera patatha sabata ziwiri, atanyamula thumba la shuga ndi nkhuku yoyera, ngati zimenezo n'zotsekera pakamwa. Mwana anali kusukulu ya mkaka. Mwana wangayo sindinamupatse mpando, anakhala yekha.

"Amayi, ndinkaopa," anayamba. "Inu mumalankhula. Ndinkakumvani zimene munkanena anthu akamwalira ndi matendawa. Mukanandiyang'ana bwanji?"

"Ndikanakuyang'ana moipa," ndinamuyankha. "Ndikanakutukwana mpaka aneba kutuluka. Ndiye bwanji? Unafapo ndi kutukwanidwa ndi ine? Unaika manyazi ako mbali iyi, moyo wa mwana mbali iyo, n'kuona kuti manyazi ndiwo olemera."

"Ndinakuuzani kuti tsiku lililonse."

"Unandiuza kuti mavitamini! Unkaona mwana akuuma ngati chimanga cha pachulu, iwe n'kumafunsa uli m'galimoto injini ikulira."

Anaweramitsa mutu. Pamenepo, ngakhale ndinali wokwiya, ndinafunsa funso limene linkandisowetsa tulo, chifukwa mwana ndi mwana.

"Nanga iwe?"

"Ndimamwa, amayi. Musadandaule za ine. Sindinadumphitsepo, magazi anga ali bwinobwino."

Ananena zimenezo kuti anditonthoze, koma ndi mawu amene anandipweteka kuposa onse. Ankadziwa. Anakhalapo pa mabenchi omwe aja, anamva zonse zimene ine ndinamva, za nthawi, za kudumphitsa, za kachirombo kozolowera mankhwala. Ake ankamwa mwadongosolo, thupi lili see, tsaya likuwala. A mwana wake anawasiya m'manja mwa nkhalamba yosadziwa kanthu. Ndinamuuza kuti atenge nkhuku yake azipita. Nkhukuyo anaisiya, ndipo ndinapatsa mlonda wa aneba.

Mwezi wachiwiri sikelo inakwera. Namwino uja anati mwana wadutsa malire, tsopano azimwa awiri ndi theka a mtundu uliwonse, ndipo anandionetsa kuthyola piritsi pa kamzere kake ndi zala zouma, theka linalo n'kubwezera m'botolo kuti likhale la mawa. Ndinabwerera kunyumba ndikuyenda ngati ndapambana mphoto. M'kamwa munapola, khutu linauma, ndipo phala, limene tsopano linali phala chabe, anayamba kumaliza. Galu anabwerera pa thupi lake lakale, n'kumandiyang'ana ngati ndamulakwira.

Magazi anatengedwa, ndipo tinadikira. Tsiku la zotsatira namwino anandigwira dzanja asanalankhule. Anati tizirombo tatsika kwambiri, mankhwala akugwira ntchito, tipitirize momwemo. Ndinalira pamenepo, kulira kumene ndinakusunga kuyambira tsiku la foni lija, mpaka mwana anandifunsa ngati andibaya jakisoni.

Ndikanakonda nkhani ikanathera pamenepo.

Kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi. Ine ndine gogo wa kuchimuna, ndimalera mongobwereka. Mayi a malemu mpongozi wanga, asewere anga, amakhala kumudzi kunja kwa mzinda, ndipo anali atatumiza mawu kangapo kuti akufuna mdzukulu wawo akakhale nawo nyengo ya tchuthi chachitali. Kukana sikukanatheka, ndipo sindinkafunanso kukana, chifukwa mwanayu ndiye chokhacho chimene mwana wawo anawasiyira. Anafika Lachisanu masana, atavala chitenje chatsopano, atasenza kathumba ka mtedza ndi mbatata. Mwana wanga anabweranso kuti mawa lake adzawaperekeze pa galimoto.

Ndinawasiya asewere pabalaza akusewera ndi mdzukulu wawo, ndinalowa kuchipinda kukalongedza zovala. Ndinapeza mwana wanga atakhala pabedi langa, mabotolo a mankhwala ali otsegula, akukhuthulira mapiritsi m'kabotolo koyera kaja. Sindinkadziwa n'komwe kuti kanalipobe. Anakafukula m'dirowa mmene ndinakaponya.

"Ukutani?"

"Amayi, chonde. Ndi masabata ochepa chabe. Muwauze kuti ndi mavitamini, koma muwaonetse zosungunulazo. Akadziwa, adziwanso za mwana wawo. Mudzi wonse unena kuti ndinapha ndine."

Ndinamuyang'ana, bambo wa ndevu zake, ndipo sindinamuzindikire. Anaona m'kamwa mwa mwana muli zilonda, anamva za galu, anaona zotsatira zonse ziwiri, koma palibe chimene chinalowa. Tsopano ankafuna kuti ine, amene ndinanamizidwa, ndikanamize nkhalamba inzanga ndi bodza lomwelo, m'kabotolo komweko. Ndinkadziwa zimene zikanachitika, chifukwa ndinazichita ndekha. Mayi aja akanasungunula masiku awiri, lachitatu kukanagwa maliro kapena ntchito ya kumunda, ndipo akanati vitamini angadikire.

Ndinamulanda kabotolo. Ndinasankha mapiritsi limodzilimodzi, aakulu m'botolo lawo, aang'ono m'botolo lawo, iye akungoyang'ana.

"Asewere anga ali pabalaza," ndinamuuza. "Tuluka ukawauze ndi pakamwa pako. Ine ndikhala pambali pako, akakutukwana titukwanidwira limodzi. Koma mwanayu sachoka pakhomo pano ndi bodza."

Anaimirira. Ndinaganiza kuti wamva, ndipo mtima wanga unayamba kufewa. Anadutsa pabalaza, anawerama pang'ono kwa apongozi ake, nati akukagula mafuta a galimoto abwera posachedwa. Ndinamva geti likutsekedwa. Tinamuyembekeza mpaka chakudya chinazizira, ndipo foni yake inali yozima.

Ndiye ndinawauza ndekha. Mwana nditamutumiza kukasewera kwa aneba, ndinaika mabotolo ndi kakapu patebulo, n'kuyamba ndi galu, chifukwa sindinadziwe poyambira pena. Za mwana wanga sindinatchule, ndinangonena za mdzukulu wathu, kuti anabadwa nako. Asewere anamvetsera manja ali pamwendo. Nditamaliza anafunsa motsitsa mawu.

"Ndiye kuti mwana wanga uja sichinali chibayo chokha?"

"Sindikudziwa zonse, asewere. Inenso anandiuza chibayo."

"Ndinamusambitsa ndine," anatero. "Ndinagona pansi m'chipatala muja mpaka tsiku lomaliza. Onse awiri, iye ndi mwamuna wake, ankandiyang'ana m'maso."

Anadziphimba kumaso ndi chitenje chatsopano chija. Sanafuule, mapewa okha ndiwo ankagwedezeka. Ndinakhala nawo pansi pa simenti, akazi awiri akuluakulu amene ana athu anationa kuti ndife oyenera kuchapa, kuphika ndi kulira maliro, koma osayenera kuuzidwa zoona. Ndinamva chisoni, koma kunena zoona mkwiyo ndiwo unali waukulu.

Ulendo wa Loweruka unalephereka. M'mawa wa tsikulo wailesi itayamba nkhani, asewere anaima pambali panga n'kumayang'ana manja anga. Lamulungu ndinawapatsa supuni. Lolemba tinakwera minibasi tonse atatu kupita ku Old Town, mwana ali pakati, ndipo pageti anatikoka tonse awiri, wina chitenje ichi wina icho. Namwino uja anawalandira, anafotokoza zonse kuyambira pachiyambi monga anachitira ndi ine, anawonjezera kuti madzi a pachitsime aziyamba awiritsa n'kuziziritsa, anawapatsa mankhwala okwanira tchuthi chonse ndi kuwauza chipatala cha kufupi ndi kwawo kumene angathamangire. Kenako anakankhira kakapu kwa iwo, ndipo asewere anathira madzi ochuluka ngati ine. Tinaseka koyamba m'masiku atatu.

Ndinawaperekeza ndekha kudepoti. Mabotolo anawamanga pa mfundo ya chitenje, kakapu mwana ananyamula yekha m'thumba la kabudula.

Madzulo a tsiku lomwelo foni ya mwana wanga inayaka, ndipo ananditumizira uthenga wa mawu awiri: "Mwandiyalutsa, amayi." Sanafunse ngati mwana wafika bwino. Kuyambira pamenepo sanapondenso pakhomo panga, ndipo ndimamva kwa achibale kuti akuti mayi ake anamugulitsa kwa akuchikazi. Mwina akuyembekeza kuti ndimupepese. Adikira.

M'mawa wotsatira belu la pafoni linalira m'nyumba yopanda mwana. Ndinali nditatenga kale supuni ndisanakumbuke. Ndinakhala pampando ndikudziletsa, kuti ndisaoneke ngati sindikuwakhulupirira asewere, koma nkhani zisanathe ndinaimba. Anayankha akupuma mofulumira, nkhuku zikulira kumbuyo.

"Wamwa, asewere, wamwa zonse. Dikirani kaye, akundikalipira."

Ndipo chapatali ndinamva mawu aja, olamula ngati a kapitawo: "Agogo, kutsukuluza!"